Belo la Amalume pa Nambala Yathu

Alimi ang'onoang'ono titangololedwa kugulitsa fodya ku okushoni, kalabu yathu ya kwa Msakambewa inalola amalume anga kutumiza belo lawo pa nambala yathu yogulitsira fodya. Ndani akanawakaniza? Pakati pa belolo panapezeka fodya wowola. Nambala inaimitsidwa, ndipo ndalama za tonsefe zinagwidwa.

Nditapita ku ofesi ya okushoni kukaimira kalabu yathu, kalaliki anati, "Dikirani, mayi."

"Ndakhala ndikudikira kuyambira fodyayu ali ku nazale," ndinatero.

Ndinayala mapepala a malonda patebulo pake, n'kuloza mwini wa belo lililonse. Ndinabwerako masiku atatu otsatizana. Tinavomera za belo limodzilo, tinalipira chindapusa, ndalama n'kutuluka.

Amalume anadandaula kuti ndawachititsa manyazi. Ndinawauza kuti manyaziwo anawadinda okha m'belo.