Chitseko cha Nkhokwe ya Mbewu

Ofesi ina ya zaulimi m'chigwa cha Phalombe inalengeza pamsonkhano kuti kuba mbewu ya mpunga kwatha, chifukwa nkhokwe yawo ikhala ndi chitseko chachitsulo. Anthu anaomba m'manja, ndipo kalata inapita kwa a Hamidu Namakhwa, owotcherera zitsulo pamsika.

A Hamidu anakulira pa mafelemu a njinga ndi makasu othyoka, ndipo miyezo ankaitenga ndi diso kapena chingwe. Kalata yotere anali asanaigwirepo. Inati chitseko chitalike masentimita 205, mulifupi 85, chitsulo chikhuthale mamilimita atatu. Mahinjesi akhale atatu, kumanja kwa munthu woima panja, koma awotchereredwe mkati kuti wakuba asawapeze ndi sowo. Anaiwerenga ataimirira.

"Tsono osakaona kaye pakhomopo, bambo?" anafunsa akazi awo.

"Alemba zonse, mayi. Koma chitsulo sichipalidwa ngati thabwa. Ndikaphonya pang'ono, dzina langa lathera pomwepo."

Anayeza ndi tepi yobwereka, nawotcherera pang'onopang'ono kuti chitsulo chisapindike ndi moto. Chitatha, amuna anayi anachinyamula akubuula, kupita nacho kunkhokwe. Chinalowa m'felemu mwake bwinobwino, osakhula paliponse, ndipo a Hamiduwo anachikankha ndi chala chimodzi, chikumvera ngati chamakatoni. Anayang'ana manja awo ngati a munthu wina.

Akuluakulu anajambulitsa pachitsekopo, nalonjezanso kuti thumba silidzasowa ngakhale limodzi. Nkhokweyo ilibe denga kuchokera pomwe linasasuka ndi namondwe.