Amalume ndi Beseni la mu Kanema

Ndinali namwino wachitsikana pa chipatala china ku Mangochi, m'masiku aja munthu sumalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Matenda otsegula m'mimba atavuta m'midzi ya kunyanja, akuluakulu anandiuza kuti ndilembe mawu a kanema wophunzitsa kusamba m'manja, woti tizikaonetsa amayi pa masiku a sikelo.

Ndinalemba mosachulutsa. Chithunzi choyamba, bambo akutuluka m'chimbudzi n'kupita kukadya osasamba ndi sopo. Chachiwiri, bambo yemweyo akuviika manja m'beseni, kenako beseni likuzungulira banja lonse monga mwa mwambo wathu, akulu poyamba, ana pomaliza madzi atada kale. Chachitatu, mayi akuthirira ana madzi a m'kapu, akupaka sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe, akutikita mpaka m'mipata ya zala, n'kuumitsa manja powakupiza m'mwamba. Wofotokoza anayenera kulankhula modekha, osakalipira aliyense, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Wosewera mayi wa chithunzi chachitatu sanavute, aliyense ankafuna. Koma bambo wa kuchimbudzi uja, eee! Wayilesi ya kanema kunalibe m'dziko muno nthawi imeneyo, ndiye anthu akaona munthu pa galasi ankati ndi mmene alilidi. Amuna onse amene ndinawapempha anakana, ngakhale mlonda wathu amene sankakana kanthu. Ojambula anali atafika kale kuchokera ku Lilongwe, ndipo ine mutu unaima.

Ndinakadandaula kwa amalume, osati powapempha ayi, kungotula nkhawa. Iwo anali ndi kanyumba kogulitsira tiyi ndi mandasi pafupi ndi pokwerera basi. Anali Msilamu wosaphonya swala, waukhondo mpaka wotopetsa nawo. Mkanjo wawo unkawala ngati ufa woyera, ndipo birika lawo losambira ankalikwecha kuposa mmene ena amakwechera mbale.

Anandimvetsera akupukuta makapu, kenako anati, "Ndiye wasowa munthu wauve? Ndilembe ine."

"Amalume, inu mumagulitsa zakudya. Anthu akakuonani adzasiya kugula."

"Iwe, ana akutha m'midzimu. Ndibwere mawa nthawi yanji?"

Anasewera bwino mpaka ndinachita manyazi. Anavula mkanjo, navala malaya akutha, natuluka m'chimbudzi akupukuta manja m'thalauza ngati ndi khalidwe lawo la tsiku ndi tsiku. Ojambula atati zatheka, amalume anathamangira birika lawo n'kusamba kawiri konse.

Tinayamba kuzungulira zipatala zing'onozing'ono pa galimoto, titanyamula wayilesi ya kanema ndi jenereta. Chimene ndinkaopa chija chinachitikadi. Amayi ankaloza galasi n'kumati, "Si bambo a tiyi aja awa? Kani ndi otero!" Mbiri inawanda mpaka ku Chiponde. Mabenchi a amalume anayamba kukhala opanda anthu, mandasi n'kumagona. Azakhali, akazi awo, anasiya kundiyankha moni, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Zinandiwawa kwambiri. Ndinapita kukawauza amalume kuti ndipempha tiwonjezere mawu kumayambiriro, onena kuti bamboyu akungosewera, kwawo ndi munthu waukhondo.

"Usayerekeze," anatero. "Ukanena zimenezo aziti ndi sewero, aziseka, akafika kunyumba beseni lija lizungulira monga kale. Asiye anyansidwe nane."

Ndinkangouza amayi pakamwa kanema akatha kuti bamboyo amangosewera, koma ambiri ankakhala atanyamuka kale kukayezetsa ana. Amalume anatsala ndi makasitomala ochepa, makamaka anzawo a kumzikiti amene ankawadziwa bwino. Sindinawamvepo akudandaula, ndipo mpaka lero sindinaonenso munthu wolimba mtima chotero.

Tsiku lina tili ku Makanjira, titaweruka, ndinaona mayi atakhala pansi pa mtengo akumasula chinangwa chophika. Kamwana kake kanatambasula dzanja, mayi n'kukagwira pamkono.

"Ukufuna ukhale ngati bambo auve a mu kanema aja? Bwera ndikuthirire madzi!"

Ndinavutika nazo njira yonse, kuti ndikawauze amalume kapena ayi. Dzina lawo labwino linali litasanduka choopsezera ana, ndipo wolemba zimenezo ndinali ine. Nditafika ndinawafotokozera ndikuyang'ana pansi, mawu onse monga mmene mayi uja ananenera.

Amalume anafunsa, "Nanga mwanayo anasamba?"

"Anasamba, amalume. Ndi sopo."

"Alhamdulillah," anatero poyamika Mulungu. "Khala pansi ndikuthirire tiyi, malo alipo ambiri."