Mwezi umene ndinasiya kuphika masamba

Amuna anga ankayendetsa thiraki yopita ku Mozambique. Ulendo wina anabwera mwendo wakumanzere utatupa, ukutentha. Kuchipatala anati magazi aundana mumtsempha chifukwa chokhalitsa pampando, ndipo anawayambitsa mapiritsi a wafarini.

Tinkakwera minibasi pa Boma kupita ku Blantyre kukayezetsa, poyamba sabata iliyonse. Ankawatenga magazi pamkono n'kuona kuti akuchedwa bwanji kuundana. Nambala yake ankaitcha INR, ndipo ya iwo inkafunika kukhala pakati pa 2 ndi 3.

Tsiku lina pamzere ndinamva mayi wina akunena kuti masamba amalimbana ndi mankhwalawa. Sindinafunse aliyense. Nditafika kunyumba ndinangosiya kugula mpiru, bonongwe ndi nkhwani, ngakhale abambowo anali munthu wosadya popanda masamba. Ankadandaula, ine ndinkangoti, “Pirirani bambo, n'zokuthandizani.”

Mwezi womwewo anayamba kutsokomola, ndipo mnzawo wa kuntchito anawagawira mapiritsi a bakitilimu. Tsiku loyezetsa litakwana anati, “Mwendo waphwa, ndikuyenda bwinobwino. Tipita mwezi wamawa.” Ndinavomera.

Patapita masiku ochepa, m'mawa akutsuka mano, anandiitana. Nkhama zinkatuluka magazi osaleka. Pantchafu panali chibanga chakuda, koma sanakumbuke kuti anadzigunda pati.

Titapita kuchipatala, INR inapezeka itadutsa 6. Dokotala, mayi wolankhula modekha, anatifunsa chimene chasintha kunyumba. Ndinafotokoza za masamba monyadira ndithu. Sanandikalipire.

“Mayi, chiwindi chimagwiritsa ntchito vitamini K popanga zinthu zoundanitsa magazi,” anatero. “Wafarini amatchinga ntchito ya vitamini ameneyu, kuti choundana chija chisakule komanso china chisayambe. Masamba ali ndi vitamini K wambiri. Mlingo tinaupeza bambo akudya masamba awo. Mutawachotsa, mapiritsi omwewo anakula mphamvu. Bakitilimu nayenso amachedwetsa thupi kuchotsa wafarini, ndiye zinakumana.”

“Ndiye azidya ambiri?” ndinafunsa.

“Ayi, akachuluka mwadzidzidzi mankhwala afooka, magazi n'kuundananso. Azidya monga mwa masiku onse. Ndipo kuchepa kapena kuchuluka kwa mphamvu ya mankhwalawa munthu sakumva m'thupi mpaka zitavuta. N'chifukwa chake timayeza kawirikawiri.”

Anawauza kuti asiye bakitilimu, adumphe wafarini masiku awiri, tibwerenso kudzayezetsa. Anawachenjezanso za asipirini ndi mankhwala azitsamba, kuti asamwe chilichonse asanafunse. Nambala inatsika, ndipo anapitiriza kumwa wafarini mpaka miyezi isanu ndi umodzi inakwana.

Chimene chimandikhalabe mumtima n'chakuti mwezi wonse uja ndinkadziona ngati mkazi wosamala kwambiri. Amuna anga sanandinenepo mlandu, mwina poti nawonso anali ndi wawo. Anabwerera kuntchito, ndipo masiku ano akaima pamzere wa mathiraki pa boda amatsika n'kumayendayenda mpaka nthawi yawo itakwana.