Batire Lomwe Linatiyambanitsa ku Zemba

Tinakwatirana chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo amuna anga anawatumiza kukaphunzitsa ku Zemba. Nyumba ya aphunzitsi inali ya malata, yazipinda ziwiri, mtengo wa mango uli pambali pake. Chuma chathu chonse chinali sola imene anabwera nayo kuchokera ku Chipata: panelo imodzi, batire, kabokosi kotchedwa regyuleta kamene kamayang'anira kudzaza kwa batire, mababu awiri ndi wailesi. Batire likadzaza, pakabokosipo pankayaka kagetsi kobiriwira. Akazi anzanga pochokera kumunda wa nsawa ankapatuka kudzangoonako.

Chaka chachiwiri mtengo wa mango uja unakula n'kuyamba kuphimba denga. Amuna anga anatsitsa panelo n'kuimangirira pamtengo wautali umene anazika pakati pa bwalo. Zinayenda bwino mpaka mvula itagwa. Kuyambira pamenepo kagetsi kobiriwira sikanayakenso. Dzuwa liswe mtengo chotani, mababu ankangoyaka pang'ono n'kufiira.

"Inu mumakhalira wailesi tsiku lonse ine ndili kusukulu," anatero amuna anga.

"Ndiigwire liti ine? Batire lanuli munagula lakufa kale."

Mawu anabala anzake. Ndinabisa wailesi m'sutikesi kuti aone okha, koma batire silinadzaze, ndipo iwo anati ndimaitulutsa akachoka. Zimenezo zinandiwawa kwambiri. Tinatha sabata osalankhulana bwino, kenaka ndinatumiza uthenga kwa amalume, amene anali ankhoswe anga.

Amalume anagwirapo ntchito ya magetsi kumigodi, ndipo atapuma ankakonza mawailesi ku boma la Chadiza. Anafika Loweruka m'mawa panjinga. Tinawayalira mphasa, aliyense n'kufotokoza mbali yake. Anamvetsera osadula mawu. Kenaka anatulutsa m'chikwama mita yoyezera magetsi, yakale, yokhala ndi kamuvi.

"Mlanduwu uli ndi mboni zitatu," anatero, "panelo, regyuleta ndi waya. Tizifunse kaye."

Anadikira dzuwa lifike paliwombo. Anandiuza ndipukute galasi la panelo, iwo n'kumasula mawaya ake n'kuyeza. Kamuvi kanafika pafupi ndi mavolti 20. "Iyi ilibe mlandu." Anabwezera mawaya, n'kulowa m'nyumba. Batire linaonetsa 12 yokha. Anatsegula tizivindikiro take, madzi anali okwanira, mitu yake yoyera.

"Ndiye kuti ndi regyuleta, bambo," anatero amuna anga mwaulemu, manja ali kumbuyo.

"Musafulumire, mkamwini."

Anamasula waya wochokera kupanelo pomwe umalowera m'kabokosi, n'kuyeza nsonga zake: 20 yomweyo. Amuna anga anamwetulira, poganiza kuti waya wapulumuka. Koma amalume anati waya wodwala amanama ngati sakunyamula kanthu. Anaulumikizanso kuti magetsi aziyenda, n'kuyeza pomwepo: 12 ndi kachidutswa. Mbali yopita kubatire inali pafupifupi chimodzimodzi, kusonyeza kuti regyuleta ikupereka zonse zimene ikulandira. Atatuluka n'kuyeza kumsana kwa panelo, mawaya ali olumikiza, anapeza 17.

"Kuno 17, uko 12. Zinazo zikuthera panjira."

Anatsata waya ndi zala kuchokera pamtengo wa panelo uja. Pafupi ndi khonde anaima pamfundo yokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Anandiitana.

"Gwira apa, mwana wanga."

Panali pofunda ndithu, ngakhale panali pamthunzi. Atamasula mphirayo, tinaona timawaya topotana tadzimbiri lobiriwira, tina toduka. Kuchokera pamenepo mpaka kupanelo unali waya wowonda wa sipika, umene amuna anga anawonjezera posamutsa panelo. Madzi a mvula anali atalowa pamfundopo.

Amalume sanawadzudzule amuna anga. Anangoti, "Nanenso ndinapangapo zotere ndili wachinyamata," n'kuwapempha makala a moto. Anatenthetsa chitsulo chowotcherera, nayamba kuwaphunzitsa kulumikiza ndi mtovu. Tinasendeza mtengo wa panelo kufupi ndi nyumba, mbali yopanda mthunzi, kuti waya wonenepa wakale ukwane. Ine ndi amuna anga tinakumba dzenjelo mosinthana khasu. Ndi pomwepo pamene anandiuza chapansipansi kuti, "Mayi, ndinakulakwirani."

Amalume anatilangiza kuti tisayatse kanthu masiku anayi. Lachitatu masana kagetsi kanayaka, ndipo ndinathamangira kusukulu kukawauza amuna anga pawindo la kalasi, ana onse akundiyang'ana. Batire silinabwererenso mphamvu zake zonse, poti linakhalitsa losadzaza, koma linatitumikira chaka china.

Amalume anamwalira tisanasamuke ku Zemba. Ankati adzabweranso nthawi yokolola kudzaona ngati mkamwini waphunzira ntchito, koma chifuwa chinawagoneka mwezi wa Epulo. Tinapita kumaliro panjinga imodzi, ine nditakhala pakaliyala.