Mphete ya a Maynard

A Maynard Kachingwe a ku Tsangano anagwira ntchito zaka zambiri pa famu ya malalanje ku Joni. Pobwerera kumudzi anabwera ndi njinga, jekete lachikopa ndi mphete ziwiri zagolide, ina yawo, ina ya akazi awo a Zione. Anayamba kugula kachewere kwa alimi n'kumakagulitsa ku Lilongwe. Sanali munthu wolankhulalankhula.

Chaka chatha, podumpha pamwamba pa lole ya matumba, mphete yawo inakola pa chitsulo n'kuvulaza chala koopsa. Kuchipatala anadula chalacho, mpheteyo n'kuwapatsa m'kapepala ka mankhwala itapindika. Bala linapola, koma mbali ya dzanjalo sinkamvanso kutentha kapena kuzizira. Anasiya geni. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana msewu.

Amene ankavutika ndi dzanja lopanda mphetelo anali a Zione. Anawauza kuti akaikulitse kuti izilowa chala chapakati. A Maynard anangokwera minibasi.

Pa boma pa Ntcheu panali a Tahir, okonza mawotchi, amene anaphunzira za mphete pa sitolo ina ku Limbe. Anaiwongola pa chitsulo chosongoka, n'kuyeza chala cha a Maynard. Anati ikanakhala ngati mphete za chitsulo cholimba zimene anyamata akugula masiku ano akanawabweza, chifukwa sizidulika bwino ndipo siziwotchereka. Zokhala ndi timiyala kuzungulira konse nazonso sazigwira, ndipo zongopaka golide pamwamba zimasupuka pamoto. Iyi inali golide weniweni, yosalala, yotheka. Koma chala chapakati chinali chachikulu kwambiri. Panafunika kuidula n'kuikapo kachidutswa ka golide wofanana, amene iwo analibe.

A Maynard anafunsa ngati panalibe njira ina. A Tahir anati ilipo, yoitamula ndi kanyundo, koma imathandiza pokulitsa pang'ono chabe. Anawaonetsa kamzere ka pamene inalumikizidwa poipanga, ndi pamene inapyapyala chifukwa cha ngozi.

“Ikhoza kuthetheka apa, bambo. Bwanji mudikire ndikapeze golide?”

“Ingoyesani.”

Anaimenya pang'onopang'ono akuizunguliza. Isanafike n'komwe pa muyezo, inalira kuti the, n'kutseguka. A Tahir anaika kanyundo pansi n'kupepesa. A Maynard anayang'ana mpheteyo, akudikira kuti mwina mtima uwawa. Sunawawe.

Mbali yopyapyalayo inali itang'alukang'aluka, moti a Tahir anaichotsa, n'kulumikiza zotsalazo ndi moto. Mphete inatuluka yaing'ono kuposa kale. Inangokwana chala chakumapeto.

Atafika kunyumba, a Zione anagwira dzanjalo, n'kufunsa ngati ikuwathina.

“Sindikudziwa,” anatero a Maynard. “Chala chimenechi sichimva.”

A Zione anaivula okha, poopa kuti ingatupitse chala mwini wake osazindikira. Anaivala pa chala chawo, pamwamba pa yawo ija. M'mawa mwake a Maynard anapita kumsika kukafunsa mtengo wa kachewere, ndipo anabwerako osagula.