Ngolo Ziwiri pa Bolodi ku Matero

Chaka chimene aphunzitsi athu a fizikisi anathawira ku Botswana, ndili mu Giredi 11, anatibweretsera bambo wina amene ankaphunzitsa za ulimi. Masiku amenewo kwacha inkagwa sabata iliyonse, ndipo mu labu ya sukulu yathu ku Matero munangotsala mashelefu. Tingolo toyesera tinabedwa kalekale. Zonse tinkaphunzira ndi choko.

Tsiku lina bamboyo anajambula zithunzi ziwiri pabolodi. Pa chilichonse panali ngolo ya makilogalamu awiri, yothamanga mamita anayi pa sekondi, ikukagunda inzake yolemera chimodzimodzi imene yangoima. Pa chithunzi choyamba, cha kugundana kwa ilasitiki, yogundayo inaima ndipo inzakeyo inanyamuka ndi liwiro lonse lija. Pa chachiwiri ngolozo zinamatirirana n'kumapitira limodzi pa mamita awiri pa sekondi.

"Apa liwiro latsika ndi theka," anatero. "Ndiye momentamu nayo yatayika theka. Lembani."

Ine ndinali nditawerenga buku long'ambika la achimwene anga. Ndinakweza dzanja.

"Ba Ticha, momentamu ni kulemera kuchulukitsa na liwiro. Poyamba ziwiri kuchulukitsa na folo, ni eyiti. Zikamatirirana zakhala makilo folo, kuchulukitsa na ziwiri, ni eyiti futi. Siinatayike."

"Nanga chatayika n'chiyani, iwe profesa?"

Ndinapita kubolodi. Pansi pa zithunzi zonse ndinalemba eyiti, kugundana kusanachitike ndi pambuyo pake. Kenako ndinalemba mphamvu ya kuyenda: pa choyamba majulu 16 amakhalabe 16, pa chachiwiri amatsala eyiti, enawo apita ku kutentha, phokoso ndi kuphwanyika.

Anafufuta ndi chikhatho. "Mtsikana wamwano. Choka!"

Anandipatsa chikwakwa, masiku atatu kutchetcha udzu kuseri kwa zimbudzi, anzanga akukopera bodza m'makope. Manja anatuluka matuza. Nditakadandaula kwa ahedi, sanayang'ane n'komwe pepala limene ndinalembapo masamuwo. "Kaya ukhoza kaya ulakwa, mwana sawongolera mkulu pagulu," anatero. "Ukufuna nayenso atithawe?"

Pa mayeso a mwezi umenewo funso lomwelo linabwera. Ndinadziwa yankho limene ankafuna, koma ndinalemba eyiti ndi eyiti, n'kudinda mzere kawiri mpaka pepala kubooka. Anandithetha ndi cholembera chofiira.

Patapita milungu iwiri, mnzanga wa kalasi ina anandionetsa kope lake. Zithunzi zomwe zija, manambala anga aja, mpaka mawu akuti kutentha ndi phokoso. Bamboyo anali atakafufuza, napeza choona, n'kukaphunzitsa bwino kumeneko. M'kalasi mwathu sanabwererenso pa mutuwo. Ana makumi asanu ndi limodzi anawasiya ndi bodza m'makope kuti asaoneke wogonja kwa ine.

Ndinayamba kuzungulira madesiki pa nthawi yopuma, ndikukonza kope lililonse limene mwini wake walola. Ena anakana, amvekere aphunzitsi sangalakwe. Mpaka pano zimandiwawa ndikawakumbukira.