Danga Limene Ndinakana Kulembamo Bodza

Zaka zoyamba za ulamuliro wa zipani zambiri zinandipeza ndili mlangizi wa zaumoyo ku Mitundu. Mwezi uliwonse ndinkatsegula kaundula wa sikelo, n'kukopera pa fomu ana onse amene anaphonya tsiku lawo la katemera. Fomuyo inali ndi madanga a dzina la mwana, la mayi, kumene akukhala, katemera amene waphonya, ndipo kumapeto kwake, zotsatira. Mafomu akatha ndinkajambula anga ndi rula, pakuti mizere yokhota sindinaikonde chibadwire.

Chaka china, fodya atagulitsidwa, pa fomu panatsala mzere umodzi: mtsikana wa miyezi khumi ndi umodzi, mwana wa matenanti a pa esiteti ina, wosabayidwa katemera wa chikuku amene amayenera kulandira pa miyezi isanu ndi inayi. Chikuku chinali chitayamba kale kumveka m'midzi.

Ku esitetiko ndinapeza nyumba yawo ilibe chitseko. Mayi woyandikana nawo anati lole inawatenga, akalowa utenanti cha ku Nathenje.

Mkulu wathu wa ntchito anati, "Lembani kuti anasamuka, achimwene, titseke fomuyi. Matenanti ndi mbalame. Mudzatha matayala a njinga."

"Kusamuka ndi zimene achita makolo, bwana," ndinayankha. "Zotsatira za mwanayu sindinazione."

"Demokalase yakulowani m'mutu eti?"

"Kwambiri, bwana."

Ndinkadziwa chimene mawu oti "anasamuka" amachita. Mwana wolembedwa kuti anasamuka safunidwanso ndi aliyense: kwathu watuluka, ndipo kumene wapita sadziwa kuti afunika kumufuna. Fomu ndinaipereka danga lili pululu. Inabwezedwa. Ndinaiperekanso chimodzimodzi, n'kubwezedwanso.

Loweruka ndinakopera mzere wonsewo papepala, n'kupalasa njinga mpaka ku Nathenje, kwa mlangizi mnzanga. Tinafunsa m'maesiteti atatu. Pa lachitatu tinawapeza mayiwo akuthirira nazale ya fodya, mwana ali kumsana.

"Mwachokeradi ku Mitundu chifukwa cha kanthu aka?" anatero akuseka. "Abambo ake omwe sangayende mtunda umenewo!"

Khadi la sikelo anali nalo, lokulungidwa m'pepala la shuga. Iwo ankaganiza kuti limagwira ntchito pa sikelo yokhayo imene analilandirira, ndipo ankaopa kukalipiridwa kwachilendo. Mnzangayo anawauza kuti khadilo ndi lamwana, lilandiridwa kulikonse, ndipo anawatchulira tsiku la sikelo yapafupi.

Patatha milungu iwiri, kondakitala wa basi anandipatsira kakalata kochokera kwa mnzanga uja. Kalembedwe kake kanali komvetsa chisoni, kopanda ndi mpumiro womwe, koma uthenga unali womveka. Ndinatenga fomu ija, n'kulemba m'danga lomaliza kuti: "Wapezeka ku Nathenje, wabayidwa katemera wa chikuku." Ndinaikapo tsiku, ndinasaina, n'kukaiika patebulo la mkulu wathu.

Anaiwerenga, nati, "Mawu onsewa m'kadanga kamodzi?"

"Akwanamo, bwana," ndinatero. "Ndalemba mochepetsa zilembo."